Mwana wa sikoselo akamalira fupa: ndi ululu wa nthawi zonse uja kapena m'fupa mwalowa tizilombo? Mafunso ndi mayankho

Mafunso awa ndi amene makolo a kuno ku Mulanje ndi ku Thyolo amafunsa kawirikawiri, makamaka kuyambira mu Meyi mpaka mu Ogasiti pamene chiperoni chimakuta phiri ndipo ana a sikoselo, matenda a magazi amene mwana amabadwa nawo, amachuluka m'wodi. Onse akuzungulira nkhani imodzi. Mwana akamalira mwendo kapena mkono, nthawi zambiri amakhala kuti sikoselo yadzuka ndipo ululu udzatha m'masiku ochepa. Koma nthawi zina m'fupamo mumakhala mwalowa tizilombo topanga mafinya, ndipo izi sizitha zokha.

Kodi n'chifukwa chiyani sikoselo imakonda kupweteka mafupa?

M'kati mwa mafupa muli mafuta ofiira amene amapanga magazi, ndipo magazi amayenda pang'onopang'ono m'timitsempha tating'onoting'ono ta mmenemo. Maselo ofiira a mwana wa sikoselo akasowa mpweya wabwino amalimba n'kupindika ngati chikwakwa, kenako amakolana ndi kutseka timitsempha tija. Mbali ya fupa imene magazi asiya kufikako imatupa m'kati, pena kachigawo kake kamafa kumene. Fupa silitamuka kuti lipereke malo kwa chotupacho, n'chifukwa chake ululu wake umakhala woopsa chomwecho.

Zimene zimaputa vutoli mukuzidziwa kale: kuzizidwa, kunyowa ndi mvula, kusamba madzi ozizira a mu Likhubula kapena mu Ruo, kuchepa kwa madzi m'thupi chifukwa chotsegula m'mimba kapena kusamwa, malungo, ndi kutopa kwambiri. Nthawi zinanso ululu umangobwera popanda chimene mungaloze.

Nanga tizilombo timalowa bwanji m'fupa pamene mwana alibe bala?

Timadzera m'magazi. Kapamba ndiye amasefa tizilombo ta bakiteriya tikalowa m'magazi, koma mwa ana ambiri a sikoselo kapamba amakhala atafooka asanakwanitse zaka 5, chifukwa nayenso timitsempha take timatsekeka mobwerezabwereza. Tizilombo timene mwana wina akanatigonjetsa mosavuta timayenda momasuka, ndipo tikapeza kachigawo ka fupa kamene kanafa pa ululu wa m'mbuyomu timakhazikika pomwepo, poti magazi obweretsa chitetezo safikapo bwino.

Pali mitundu iwiri imene imapezeka kwambiri. Woyamba ndi salimonela, amene amachokera m'matumbo, ndipo kwa ana a sikoselo amakonda mafupa kuposa mmene amachitira kwa ana ena. Wachiwiri ndi sitafilokokasi, amene amakhala pakhungu ndipo ndi yemwe uja amayambitsa zithupsa. Salimonela si wachilendo kuno kummwera. Ku chipatala cha Gulupu ku Blantyre wakhala akupezeka kawirikawiri m'magazi a ana odwala kwambiri kwa zaka zambiri, makamaka ana amene ali ndi malungo, ochepa magazi kapena onyentchera.

Ululu wa sikoselo ndi mafinya a m'fupa si zinthu zolekana kwenikweni ayi. Mwana akhoza kuyamba ndi ululu wa sikoselo weniweni, kenako patapita masiku tizilombo n'kulowa pamalo pamene paphwanyika. Ndiye dokotala amene ananena Lolemba kuti ndi sikoselo, n'kudzanena Lachisanu kuti ndi mafinya, akhoza kukhala kuti ananena zoona masiku onse awiri.

Ndingasiyanitse bwanji ndili kunyumba?

Tinene mosabisa: tsiku loyamba simungasiyanitse motsimikiza, ndipo ngakhale madokotala odziwa kwambiri amavutika nazo. Zonse ziwiri zimapweteka, zonse zikhoza kutenthetsa thupi, zonse zikhoza kutupitsa pamalo n'kupafiiritsa. Ululu wa sikoselo ndiwo umachitika kawirikawiri kwambiri, moti mwa ana amene amabwera akulira mafupa, amene ali ndi mafinya amakhala ochepa. Chimene chimasiyanitsa si kukula kwa ululu koma mmene matenda akuyendera tsiku ndi tsiku.

Ululu wa sikoselo umakonda malo angapo nthawi imodzi. Mwana amati msana, miyendo yonse iwiri, mwinanso mikono, ndipo ukhoza kusamuka: lero bondo, mawa phewa. Mukamufunsa kuti aloze, amasisita malo aakulu ndi chikhatho chonse. Ana okulirapo amaudziwa ululu wawo, amati "ndi womwe uja." Thupi likhoza kutentha pang'ono kapena osatentha n'komwe. Akamwa madzi, atafunda bwino ndi kulandira mankhwala a ululu oyenera, pakatha masiku 2 kapena 3 mumaona kuti kwayamba kupepuka, ndipo kawirikawiri sabata ikamatha amakhala atadzuka.

Matenda a m'fupa amakakamira malo amodzi. Mwana amaloza ndi chala chimodzi, kawirikawiri pa msongolo, pa ntchafu kapena pa mkono wa kumtunda, ndipo mukadina pamenepo pang'ono chabe amadumpha. Thupi limatentha kwa masiku angapo, likatsika ndi panado limakweranso, makamaka madzulo. Chotupa chimanka chikula m'malo mophwa, khungu limatentha ndi kunyezimira, ndipo pena mukagwira mumamva kufewa ngati pansi pake pali madzi. Mwana amaoneka wodwala thupi lonse, safuna kudya, safuna kuponda pansi. Ndipo mawu amene mwana wamkulu anganene akuti "uwu ndi wina, si uja" musawapeputse.

Malo amodzi, kutentha thupi kosatha, chotupa chokulirakulira, ndi kusasintha pakatha masiku 2 kapena 3 a chithandizo: zinayi zikakumana, ganizani za mafinya mpaka adokotala atatsimikiza kuti mulibe. Komabe salimonela pena amagwira mafupa awiri kapena atatu nthawi imodzi, choncho kuchuluka kwa malo pakokha si chitsimikizo chakuti zili bwino.

Mwana wanga wa miyezi 9 watupa manja ndi mapazi. Ndi mafinya?

Kawirikawiri ayi. Kutupa kwa manja ndi mapazi ndicho chizindikiro choyamba cha sikoselo kwa makanda ambiri, kuyambira pa miyezi 6 mpaka zaka 2 kapena 3. Asanakwane miyezi 6 mwana amakhala akutetezedwabe ndi mtundu wa magazi amene anabadwa nawo. Pa msinkhu umenewu timafupa ta m'manja ndi m'mapazi timakhala tikupangabe magazi, ndiye timatsekeka mosavuta. Zala zimatupa, mwana amalira mukamugwira, ndipo zimaphwa pakatha sabata imodzi kapena ziwiri. Akamafika zaka 5 vutoli limasowa.

Pitani naye kuchipatalabe, chifukwa khanda lotentha thupi silidikiridwa, komanso ngati sanayezedwepo sikoselo mpata wake ndi umenewu. Chala chimodzi kapena phazi limodzi likatsalira lotupa ena ataphwa, likafiira kwambiri kapena kuyamba kutuluka madzi, bwereraninso msanga.

Ndi liti pamene ndingamusamalire kunyumba, ndipo ndi liti pamene ndiyenera kunyamuka?

Kunyumba n'kotheka ngati ululu ndi wocheperapo, thupi silikutentha, mwana akumwa, akupuma bwino ndipo maso ndi zikhatho sizinayere kuposa masiku onse. Muyezeni kutentha musanamupatse panado, chifukwa panado amabisa kutentha thupi kwa maola angapo. Kachipangizo koyezera kaja n'kotsika mtengo poyerekeza ndi ulendo wa kabaza wausiku, ndipo nyumba iliyonse imene muli mwana wa sikoselo iyenera kukhala nako.

Mlingo wa panado ndi mamiligalamu 15 pa kilogalamu iliyonse ya mwana, maola 6 aliwonse, osapitirira kanayi pa tsiku. Mwana wolemera makilogalamu 20 amalandira pafupifupi mamiligalamu 300. Bulufeni ndi mamiligalamu 5 mpaka 10 pa kilogalamu, katatu pa tsiku, atadya kaye, ndipo osamupatsa ngati akusanza, akutsegula m'mimba kapena anauzidwapo kuti impso zake zili ndi vuto. Pemphani adokotala akulembereni m'buku la kuchipatala kuti ndi piritsi lonse kapena theka malinga ndi sikelo ya mwana wanu, poti mapiritsi amabwera a mphamvu zosiyana. Asipirini si wa ana. Mwana wa makilogalamu 20 amafuna madzi osachepera lita imodzi ndi theka pa tsiku, pang'onopang'ono koma pafupipafupi. Thobwa, phala lamadzimadzi ndi tiyi wopepuka zimawerengedwa. Muthoweni ndi kansalu ka madzi ofunda. Madzi ozizira amafinya timitsempha n'kuwonjezera vuto.

Nyamukani tsiku lomwelo, ngakhale usiku, ngati kutentha kwafika madigiri 38, ngati akupuma mofulumira, akutsokomola kapena akumva kuwawa pachifuwa, ngati wayera mwadzidzidzi kapena mimba yatupa kumanzere, ngati mbali imodzi ya thupi yafooka kapena pakamwa papotoka, ngati akulephera kumwa, kapena ngati malo olumikizira mafupa monga bondo atupa ndipo sakulola kuti muwapinde. Ululu umene sukumva panado ndi bulufeni pakatha tsiku limodzi nawonso ndi wa kuchipatala.

Tipatseni chitsanzo cha mmene zimakhalira kuchipatala.

Tiyerekeze mnyamata wa zaka 7, wolemera makilogalamu 20, wa kufupi ndi Chonde. Ndi mu Juni, wanyowa ndi mvula yamawawa pochokera kusukulu. Lolemba madzulo akulira msana ndi miyendo yonse. Mayi ake ayeza, apeza 37.4. Amupatsa panado, amumwetsa madzi, amufunditsa. Mpaka apa zonse zikuoneka ngati ululu wa sikoselo, ndipo mayiyo sanalakwitse kanthu.

Lachiwiri masana kutentha kwafika 38.6, choncho apita ku chipatala cha boma. Amuyeza malungo, palibe. Amuyeza kuchuluka kwa magazi n'kupeza 7, ndipo poti m'buku mwake munalembedwa kuti masiku onse amakhala cha m'ma 7.5, palibe chifukwa chomuwonjezera magazi. Amuika diripi, amuyamba mofini wakumwa, mankhwala amphamvu ochepetsa ululu, ndipo chifukwa thupi latentha amuyambanso jekiseni wa sefitiriyakizoni, wopha tizilombo, kamodzi pa tsiku. Pa sikelo yake mlingo umakhala pakati pa galamu 1 ndi galamu imodzi ndi theka. Kumene kuli kotheka, magazi okameretsa tizilombo ku labu amatengedwa jekiseni woyamba asanabayidwe. Adokotala adina mafupa onse limodzi ndi limodzi, apinda mawondo ndi chiuno, n'kulemba pamene pakupweteka kwambiri.

Apa njira zimagawikana. Zikanakhala sikoselo yokha, pofika Lachinayi kutentha kukanatsika, mnyamatayo akanayamba kukhala tsonga ndi kupempha chakudya, mofini akanachepetsedwa, ndipo Loweruka akanatuluka akutsimphina pang'ono.

Koma tinene kuti Lachinayi msana wasiya, mwendo wakumanja wasiya, kwatsala msongolo wakumanzere, pansi pa bondo pang'ono. Madzulo aliwonse kutentha kukufika 39. Poyeza ndi tepi pamalo omwewo miyendo yonse iwiri, wakumanzere wakula ndi masentimita 2 kuposa unzake, pamene Lachiwiri inali yofanana. Ajambula ekisire, fupa likuoneka labwinobwino. Adokotala sakhutira, amutumiza ku sikani, makina omwe aja amaunikira amayi oyembekezera. Sikani iwonetsa madzi atasonkhana pansi pa kachikopa kokuta fupa, okhuthala mamilimita 6. Madokotala ambiri amakayikira mafinya madziwo akapitirira mamilimita 4, koma sikani siingathe kunena kuti ndi mafinya kapena ndi magazi chabe. Choncho abaya singano pamalopo, mwaukhondo ndipo mwana atapatsidwa mankhwala oti asamve kuwawa, n'kukoka. Mwatuluka mafinya. Funso layankhidwa.

Mafinyawo atumizidwa ku labu, ndipo mnyamatayo apita ku fiyeta kuti akang'ambe pang'ono, atulutse mafinya onse ndi kutsuka. Kutentha kumatsika m'masiku ochepa mafinya akachoka. Jekiseni apitirira kwa sabata imodzi kapena ziwiri, kenako mapiritsi mpaka kukwanitsa masabata 6.

Chimene chinathandiza pa nkhaniyi si makina apamwamba. Ndi kuyeza kutentha tsiku ndi tsiku, tepi, ndi kufunsa mwana m'mawa uliwonse kuti "lero pakuwawa ndi pati?" Mayi amene akudikirira mwana m'wodi akhoza kuchita zonsezi ndi ulusi ndi cholembera, ndipo adokotala akamazungulira m'mawa, kuwauza kuti "dzulo ulusi unkakumana, lero sukukumana" ndi umboni wamphamvu kuposa kunena kuti mwana sakupeza bwino.

Ekisire yatuluka bwino. Ndiye kuti m'fupa mulibe kanthu?

Ayi, ndipo apa ndi pamene makolo ambiri amasokera. Ekisire imaona fupa likayamba kudyeka kapena likayamba kumera fupa latsopano m'mbali, ndipo zimenezi zimatenga masiku 10 mpaka 14 kuchokera pamene matenda anayamba. Ekisire ya tsiku lachitatu imathandiza kungotsimikiza kuti fupa silinathyoke. Choipanso china, zizindikiro zikadzayamba kuoneka, fupa lofa ndi sikoselo ndi fupa logwidwa ndi tizilombo zikhoza kuoneka mofanana. Mukauzidwa kuti "chithunzi chili bwino" koma mwana akutenthabe thupi ndipo chotupa chikukula, funsani mwaulemu ngati sikani ingatheke, kapena ngati ekisire idzabwerezedwe pakatha sabata ziwiri.

Nanga kuyeza magazi sikungasiyanitse?

Kumathandiza koma sikugamula. Maselo oyera a magazi amakhala okwera mwa ana ambiri a sikoselo ngakhale ali bwino, ndipo amakweranso pa ululu wamba. Muyezo wa CRP, wosonyeza kutupa m'thupi, nawonso umakwera pa zonse ziwiri. Phindu lake lili pouyeza kawiri kapena katatu: ukamatsika pamodzi ndi ululu ndi nkhani yabwino, ukamakwera kapena kukakamira pamwamba ndi chenjezo.

Kumeretsa tizilombo kuchokera m'magazi kukapeza salimonela kapena sitafilokokasi, umboni umakhala wamphamvu, ndipo labu imanenanso mankhwala amene angawaphe. Koma mwa ana ambiri amene alidi ndi matenda a m'fupa magaziwo satulutsa kanthu, makamaka ngati anamwa kale mankhwala opha tizilombo. Makina a MRI amaona m'kati mwa fupa bwino kuposa ekisire, koma sapezeka m'zipatala za maboma, ndipo nawonso pena amalephera kulekanitsa ziwirizi. Umboni wosatsutsika ndi mafinya otengedwa pafupa penipenipo.

Bwanji osangomupatsa mwana aliyense mankhwala opha tizilombo kuti tisaphonye?

Mwana aliyense wa sikoselo amene watentha thupi amayambadi kulandira mankhwalawa mosadikira, chifukwa tizilombo m'magazi tikhoza kumupha m'maola ochepa. Funso lovuta limabwera pambuyo pake: tisiye pakatha masiku ochepa, kapena tipitirize masabata 6? Mwana amene amadwala ululu kangapo pa chaka, tikamamupatsa masabata 6 nthawi iliyonse, adzathera chaka m'wodi, misempha yake idzatha ndi singano, sukulu idzaima, mayi ake adzasiya ganyu kapena kuthyola tiyi ku esiteti, ndipo tizilombo tidzazolowera mankhwala. Tikasiyanso msanga pamene mafinya alimodi, matenda amabisala kenako n'kubwerera fupa litawonongeka. N'chifukwa chake madokotala amakonda kumusunga mwana masiku angapo akumuyang'anitsitsa, ngakhale inu mukuona ngati palibe chikuchitika.

Ndili ndi amokisilini ndi bakitirimu otsala kunyumba. Ndimuyambitse tisanapite?

Musatero. Salimonela wambiri wa kuno kwathu sakumvanso amokisilini, bakitirimu ndi kolamfeniko. Mapiritsiwo akhoza kungofooketsa tizilombo mokwanira kuti labu isawapeze, osawapha. Ngati mwamupatsa kale, tengani paketi yake ndipo nenani. Palibe amene akuimbeni mlandu, koma adokotala ayenera kudziwa powerenga zotsatira. Penisilini wa tsiku ndi tsiku amene anapatsidwa ku kiliniki ndi nkhani ina, ameneyo apitirize.

Mofini sangamuzolowere? Ena amati ndi mankhwala a anthu oti akufa.

Mofini woperekedwa pa mlingo woyenera kwa masiku ochepa chifukwa cha ululu weniweni samusandutsa mwana chidakwa cha mankhwala, ndipo si chizindikiro chakuti madokotala ataya mtima. Mwana amene ululu wamugwira msana kapena nthiti amapuma mosafikitsa, ndipo kupuma kotero kumaitana vuto la pachifuwa limene ndi loopsa kuposa ululuwo. Mofini amadzimbitsa ndipo akhoza kugonetsa. Mwana akamavuta kudzutsa kapena akamapuma mochedwa kwambiri, itanani anamwino nthawi yomweyo. Dziwaninso kuti mofini amachepetsa ululu wa mafinya monga amachitira ndi wa sikoselo, choncho mwana kugona tulo atalandira mofini sikutanthauza kuti fupa lachira.

Agogo ake akuti ndi nyamakazi kapena kulodzedwa, akufuna akamuteme mphini pamene patupa.

Agogo akuona zoona: ululu umabwera ndi kuzizira, umayendayenda, umabwerera chaka ndi chaka, ndipo pena umagwira ana angapo a m'banja limodzi. Koma chifukwa chake chili m'magazi amene mwana anatengera kwa bambo ndi mayi onse awiri, osati kuchimuna kokha kapena kuchikazi kokha. Makolo onse akakhala onyamula sikoselo m'magazi mwawo koma iwo osadwala, pa mimba iliyonse pamakhala mwayi umodzi mwa inayi woti mwana abadwe ndi matendawa.

Mphini pa chotupa zimatsegulira khomo sitafilokokasi wa pakhungu, pamalo pamene pansi pake pali fupa lofooka kale. Ululu umene ukanatha wokha ukhoza kusanduka mafinya chifukwa cha lumo. Kutsula kapena kufinya mwamphamvu nakonso kumavulaza. Ngati n'kotheka tenganani ndi agogowo kapena amalume ake a mwana popita ku kiliniki, amve okha kwa adokotala. Mawu amene mpongozi sangawanene kwa apongozi ake amalowa bwino akachokera kwa munthu wovala zoyera.

Mwana wachira pa sabata yachiwiri, akuthamanga. Mapiritsi apitirirebe?

Apitirire mpaka tsiku limene adokotala analemba, kawirikawiri masabata 4 mpaka 6, ndipo kwa ana a sikoselo ambiri amasankha 6. Ululu ndi kutentha zimatha msanga, koma mankhwala amalowa movutikira m'fupa limene magazi ake sayenda bwino, choncho tizilombo ta m'katikati timafa mochedwa.

Amene asiyira panjira timadzawaona patatha miyezi. Kachidutswa ka fupa lakufa kamatsalira m'kati, thupi limamanga fupa latsopano mokazungulira, ndipo pakhungu pamabooka kabowo kotuluka mafinya, kamene kamatseka n'kutsegukanso. Pofika apa mapiritsi okha sathandiza, chifukwa m'fupa lakufa simufika magazi onyamula mankhwala. Pamafunika opaleshoni yochotsa kachidutswako, pena kangapo, ndipo fupa likhoza kuthyoka lokha kapena mwendo kufupika ngati matenda anafika pamene fupa limakulira. Mankhwala akatha musanamalize, kapena ngati ku chipatala chaching'ono kulibe, musadikire tsiku la kiliniki. Bwererani kumene anakulemberani.

Akulira chiuno ndi bondo, akutsimphina kwa miyezi, koma thupi silitentha. Ndi chiti mwa ziwirizi?

Mwina si chilichonse mwa izo. Kwa ana okulirapo ndi achinyamata, mutu wa fupa la ntchafu, umene umalowa m'chiuno, ukhoza kufa pang'onopang'ono chifukwa chosowa magazi. Ululu wake umamveka m'mphechepeche, m'thako kapena pa bondo, umakula akayenda ndipo umachepa akapuma. Izi zimafuna ekisire ya chiuno ndi kuonedwa ndi a mafupa; ndodo zoyendera ndi mafizo zimathandiza mutuwo usanaphwanyike.

Zosiyana kwambiri ndi chiuno kapena bondo limene layamba mwadzidzidzi, thupi likutentha, mwana wagona atapinda mwendo ndipo akukuwa mukangoyesa kuusuntha. Amenewo akhoza kukhala mafinya m'malo olumikizira mafupa, ndipo amadya chichereŵechereŵe m'masiku ochepa chabe. Pamenepa palibe zodikira masiku 2 kapena 3 aja, mafinya ayenera kutulutsidwa msanga.

Tipite kuti? Chipatala chaching'ono chili pafupi, cha boma chili kutali.

Ngati mukuchokera kutali monga ku Muloza, ku Thekerani kapena kuseri kwa phiri, yambirani pa chipatala chaching'ono. Kumeneko akhoza kuyeza malungo, kupereka mankhwala a ululu, kubaya jekiseni woyamba ndi kulemba kalata yokutumizani. Nenani pa khomo pomwe kuti mwana ndi wa sikoselo ndipo watentha thupi, musakhale pa mzere mwakachetechete. Koma mwana amene akukayikiridwa mafinya a m'fupa ayenera kufika kumene kuli ekisire, sikani, magazi owonjezera ndi fiyeta: chipatala cha boma cha Mulanje kapena cha Thyolo, cha mishoni cha Mulanje, kapena Malamulo ku Makwasa. M'zipatala za maboma muli akatswiri a mafupa amene anaphunzira kutulutsa mafinya otere. Zikavuta amatumiza ku Gulupu, ndipo ku Blantyre komweko kuli Beit Cure, chipatala cha mafupa a ana.

Musaiwale buku la kuchipatala, ngakhale lakale lodzadza. Mlingo wa magazi wa masiku onse ndi malo amene anadwalapo kale zili mmenemo. Mufunditseni mwana bwino pa njinga yamoto, poti mphepo ya m'mawa wa mu Julayi pa msewu wa Chitakale payokha ndi yokwanira kuwonjezera ululu.

Pali chimene tingachite kuti zisamabwerebwere?

Chimene chimachepetsa ululu chimachepetsanso mafupa ofa amene tizilombo timakhalamo. Mankhwala amene asonyeza mphamvu kwambiri ndi haidulokisiyuriya, amene amachititsa thupi kupanganso magazi a mtundu uja mwana amabadwa nawo, osapindika msanga. Kafukufuku wa ana a ku Angola, Congo, Kenya ndi Uganda amene anatuluka mu 2019 anapeza kuti ana omwa mankhwalawa ankadwala ululu mocheperapo, ankawonjezeredwa magazi mocheperapo, malungo anachepa ndipo imfa zinachepa. Amamwedwa tsiku lililonse, amatenga miyezi ingapo kuti phindu lioneke, ndipo amafuna kuyeza magazi pafupipafupi. Funsani ku kiliniki ngati mwana wanu angayambe.

Penisilini woteteza ndi katemera wa chibayo, amene analowa m'ndondomeko ya katemera wa ana m'Malawi mu 2011, amateteza ku tizilombo toopsa ta m'magazi, koma sateteza ku salimonela. Ameneyu timamutchinga kunyumba: madzi akumwa owiritsa kapena othira mankhwala, mazira ndi nkhuku zophikidwa mpaka kupsa, kusamba m'manja pochokera kuchimbudzi ndi pambuyo pogwira nkhuku kapena zitosi zake. Neti usiku uliwonse ndi mankhwala oteteza malungo amene ku kiliniki amapereka zimagwira ntchito kawiri, poti malungo amaputa ululu komanso amatsegulira njira salimonela.

Za kusukulu, kambiranani ndi aphunzitsi kumayambiriro kwa teremu ya nyengo yozizira. Mwanayu aloledwe kuvala juzi ndi sokosi ngakhale si za yunifolomu, akhale ndi botolo la madzi m'kalasi ndipo azituluka kukataya madzi akafuna, chifukwa impso za ana a sikoselo zimataya madzi ambiri. Asapatsidwe ntchito yokolopa ndi madzi ozizira m'mawa kapena kusesa panja pa chiperoni. Akanyowa panjira, chovala chouma chimodzi chokulungidwa m'jumbo m'chikwama chake asinthe akangofika.